Kalata yopempha kupenta ndi kukhoma mashelefu m'fulati ya lendi ku Mzuzu: momwe nkhani imodzi inayendera

Ndimagwira ntchito yopezera anthu nyumba za lendi ndi kulemba mapangano a eninyumba ndi olowa m'nyumba kuno ku Mzuzu. Nkhani ili m'munsiyi ndi ya mayi wina, mphunzitsi, amene anasamutsidwa kuchokera ku Dedza, ndipo ndinawapezera fulati cha ku Luwinga. Ndailemba chifukwa anzanga ambiri pa ntchitoyi amaona ngati kupempha kupenta ndi nkhani ya uthenga umodzi wa pa foni. Ine ndaona madipoziti ambiri akupita chifukwa cha uthenga umodzi woterowo.

Fulatiyo inali yapansi pa nyumba ya mafulati anayi: pabalaza, chipinda chimodzi, khitchini ndi bafa. Eninyumba anali bambo wachikulire wopuma pantchito, okhala ku Lilongwe, ndipo amene ankayang'anira malowo tsiku ndi tsiku anali mwana wa mlongo wawo, mnyamata wokhala m'kanyumba kakuseri. Mayiwo analipira lendi ya miyezi itatu pamodzi ndi dipoziti yofanana ndi lendi ya mwezi umodzi. Mu mgwirizano umene anasainirana munali mzere wonena kuti wolowa m'nyumba asasinthe chilichonse pa nyumbayo popanda chilolezo cholembedwa cha eninyumba, komanso kuti potuluka aisiye monga anaipezera.

Atakhalamo miyezi inayi, kumapeto kwa Malichi, anabwera ku ofesi. Makoma a pabalaza ndi kuchipinda anali obiriwira koma othimbirira, okhala ndi zipsera za misomali ya amene ankakhalamo kale. Mabuku awo anali adakali m'makatoni chifukwa pansi panalibe malo oikapo kabati. Ankafuna kupenta zipinda ziwirizo ndi kukhoma mashelefu atatu pabalaza. Anandiuza kuti anali atamufunsa kale mnyamata uja, ndipo iye anati, "Pentani amayi, amalume alibe vuto." Penta anali atamupeza kale, ndipo kwa ine anangobwera kudzafunsa ngati ndalama ya penti angaichotsere pa lendi yotsatira.

Ndinawapempha kuti asagule kanthu kaye. Mawu a mnyamatayo anali aulemu, koma dzina lake silinali pa mgwirizano, ndipo mgwirizanowo unkafuna chilolezo cholembedwa. Tsiku lotuluka, amene adzayendere nyumba ndi kubweza dipoziti ndi eninyumba, ndipo mnyamatayo mwina adzakhala atachoka kapena ataiwala. Za kuchotsera pa lendi ndinawauza mosabisa kuti wochita lendi akadula yekha ndalama osagwirizana ndi eninyumba, papepala amaoneka kuti ali ndi ngongole ya lendi, ngakhale ndalamayo anaigwiritsa ntchito pokongoletsa nyumba ya eniake.

Anandionetsa uthenga umene anali ataukonza kuti autumize pa WhatsApp. Unali wachidule: moni, kenako "ndimafuna ndikonzeko pang'ono m'nyumbamu, makoma ndi akuda komanso ndiikemo mashelefu." Vuto la uthengawu ndi loti eninyumba akauwerenga amakhala ndi mafunso ambiri kuposa mayankho. Kukonza pang'ono ndi kutani? Penti yake ya mtundu wanji? Alipire ndani? Akubowola pati? Munthu amene ali kutali ndi nyumba yake akakumana ndi mafunso otere, yankho lomuteteza ndi kukana. Komanso kunena kuti makoma ndi akuda, ngakhale zinali zoona, kumamveka ngati kudzudzula, ndipo munthu wachikulire sayamba kukambirana bwino ndi munthu amene wamudzudzula m'mawu oyamba.

Zimene tinapeza pakhoma

Tisanalembe kalikonse, ndinapita kukaona fulatiyo pamodzi ndi penta wawo. Kalata yabwino imalembedwa ndi munthu amene wagwira khomalo ndi dzanja.

Choyamba tinafuna kudziwa penti imene inalipo kale. Penta anasisita khoma ndi chikhatho kuti aone ngati lisiye fumbi loyera, zimene zimasonyeza laimu kapena penti yofumbutuka imene iyenera kupalidwa kaye. Silinasiye. Kenako ananyowetsa kansalu ndi sipiriti n'kupukuta pakona: kansaluko kanatenga mtundu wobiriwira, kusonyeza kuti inali penti ya madzi. Penti ya mafuta sichoka choncho. Izi zinali zofunika chifukwa penti ya madzi ikapakidwa pamwamba pa ya mafuta popanda kukwecha ndi sandipepa ndi kuika andakoti, imasupuka. Ku khitchini theka la m'munsi la khoma linali la penti ya mafuta, ndiye tinagwirizana kuti khitchini isalowe m'pempholi n'komwe.

Chachiwiri ndi chimene chinasintha nkhani yonse. Kuchipinda, titasuntha makatoni amene anaunjikidwa pakhoma lakunja, tinapeza banga la chinyezi lochokera pakona yam'mwamba kutsika mpaka pakati pa khoma. Penti inali itatukusira, panali madontho a chuku, ndipo pulasitala ukamugogoda ankamveka ngati wamphako. Mayiwo ankadziwa za fungo, koma ankati ndi mmene nyumba za ku Mzuzu zimakhalira. N'zoona kuti kuno mvula imakhalitsa mpaka mu Epulo, ndipo mu Juni ndi Julayi kuzizira ndi nkhungu zimachititsa makoma kutuluka thukuta m'zipinda zosatsegulidwa mawindo. Koma thukuta lotero limagwira makoma ozizira onse ndi magalasi a mawindo. Banga ili linali la malo amodzi, lokhala ndi malire ake.

Kuti titsimikize, tinamata kapepala ka pulasitiki pabangapo, kotseka mbali zonse zinayi ndi tepi, n'kukasiya masiku awiri. Madontho akakhala kunja kwa pulasitiki, mbali ya m'chipinda, ndiye kuti chinyezi ndi cha mpweya wa m'chipindamo. Akakhala mkati, pakati pa pulasitiki ndi khoma, madzi akuchokera m'khomalo. Tinawapeza mkati. Titazungulira kuseri tinaona chifukwa chake: paipi yotsitsa madzi a padenga inali itaguluka polumikizira, ndipo mvula ikagwa madzi ankayenda pakhoma lenilenilo, mpaka panamera ndere.

Mayiwo anati penti yatsopano ibisa bangalo. Ikanabisadi kwa miyezi ingapo ya chilimwe, koma mvula yotsatira ikanatukusiranso, ndipo nthawi imeneyo penti yosupukayo ikanakhala yawo, yopakidwa ndi penta wawo. Eninyumba akanatha kunena kuti khoma linali bwino mpaka pamene iwo analikhudza, ndipo sipakanakhala chowatsutsira. Wochita lendi akapenta pamwamba pa vuto la nyumba asanalinene, amakhala ngati walitenga vutolo kukhala lake. Tinajambula zithunzi za banga, za pulasitiki ndi za paipiyo.

Chachitatu chinali malo a mashelefu. Iwo ankafuna khoma la pabalaza lolekanitsa ndi bafa, chifukwa linali lalitali komanso lopanda windo. Kuseri kwa khomalo kunali shawa ndi sinki, ndipo mapaipi sankaoneka panja, kutanthauza kuti anakwiriridwa m'khomamo. Khomalo linalinso lopyapyala, la njerwa imodzi yogoneka m'litali. Kubowola pamenepo kunali kuika pachiswe paipi ya madzi. Tinasankha khoma lina, lakunja, lochindikala. Linali ndi soketi imodzi m'munsi, ndipo poti mawaya okwiriridwa nthawi zambiri amayenda molunjika kukwera kapena kutsika kuchokera pa soketi ndi pa siwichi, tinasiya mpata wa masentimita 30 mbali zonse za mzere wa soketiyo.

Pomaliza tinayeza. Pabalaza panali mamita 4 m'litali ndi 3.5 m'lifupi, kuchipinda 3 ndi 3, ndipo makoma anali otalika mamita 2.7. Titachotsa zitseko ndi mawindo, makoma a zipinda ziwirizo anakwana pafupifupi masikweya mita 63. Kupaka kawiri ndi masikweya mita 126, ndipo poti lita imodzi ya penti ya madzi imakwana masikweya mita 9 kapena 10 pakhoma losalala lopentedwa kale, pankafunika malita 14. Ndowa imodzi ya malita 20 inali yokwanira n'kutsalako.

Kalatayo

Tinagwirizana zinthu zitatu tisanayambe kulemba. Pempho la penti ndi la mashelefu likhale lililonse palokha, kuti eninyumba athe kuvomera china n'kukana china popanda kukana zonse. Nkhani ya chinyezi ilowe ngati chidziwitso, osati ngati dandaulo kapena chida chokakamizira. Ndipo kalatayo inene za tsiku lotuluka, chifukwa mikangano ya penti ndi mashelefu siibuka tsiku lopenta, imabuka tsiku lobweza makiyi. Pamwamba tinaika keyala, tsiku ndi nambala ya fulati, kenako mawu awa:

"Okondedwa Bambo,

PEMPHO LOPENTA MAKOMA NDI KUKHOMA MASHELEFU

Ndikukhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi a pabanja. Ine ndikukhala bwino m'nyumba yanu ndipo ndikufuna kukhalamo nthawi yaitali. Potsatira mgwirizano wathu, ndikupempha chilolezo chanu pa zinthu ziwiri.

Choyamba, ndikufuna kupenta makoma a pabalaza ndi kuchipinda ndi penti ya madzi ya mtundu wa kirimu, yopaka kawiri. Khitchini, bafa, siling'i, zitseko ndi mawindo sindizikhudza. Penti ndi penta ndilipira ndekha, ndipo lendi ndipitiriza kulipira yonse. Ngati muli ndi mtundu wina umene mumaukonda, ndiuzeni. Penti yotsala ndidzaisiya m'nyumbamo.

Chachiwiri, ndikufuna kukhoma mashelefu atatu a matabwa a paini pakhoma lakunja la pabalaza, lililonse lotalika masentimita 90 ndi 25 m'lifupi. Shelefu lililonse likhala pa mabulaketi awiri, ndipo mabowo onse akhala 12, otakata mamilimita 8. Khoma lolekanitsa ndi bafa sitibowola. Podzatuluka, mudzasankha: ndidzawasiye popanda kufuna malipiro, kapena ndidzawachotse, kutseka mabowo ndi kupentapo.

Ndikudziwitseninso kuti paipi yotsitsa madzi a padenga kuseri kwa chipinda yaguluka, ndipo khoma lanyowa mkati. Ndatumiza zithunzi. Ndikupempha kuti ikonzedwe khomalo lisanapentedwe, kuti pulasitala asaonongeke kwambiri.

Mukavomera, chonde sainani m'munsimu pa makope onse awiri. Ntchito siyamba ndisanalandire yankho lanu.

Ine wanu,"

M'munsi tinasiya mizere iwiri, wa penti ndi wa mashelefu, uliwonse wokhala ndi mawu akuti "Ndavomera" ndi "Sindinavomere", kenako malo a siginecha ndi tsiku.

Mzere wa ndalama ndi umene unatitengera nthawi. Mayiwo ankaona kuti si chilungamo kuti apente nyumba ya eniake ndi ndalama zawo, ndipo ndinkawamvetsa. Penti, fila, sandipepa ndi malipiro a penta zinkapitirira theka la lendi ya mwezi. Koma penti yakaleyo, ngakhale inali yothimbirira, sinali yoonongeka kupatula pabanga paja, ndipo anaiona asanalowe. Kupenta kunali kufuna kwawo. Kukonza paipi ndi pulasitala kunali udindo wa eninyumba. Tikanasakaniza ziwirizi n'kupempha kuti zonse zichotsedwe pa lendi, eninyumba akanaona kalata yonse ngati njira yochepetsera lendi, ndipo ngakhale za paipi akanazikayikira. Ndinalangiza kuti aliyense asenze chake, ndipo mayiwo anavomera, ngakhale monyinyirika.

Anzanga ena amati kulemba kuchuluka kwa mabowo n'kuchulutsa gaga m'diwa. Ine ndimalemba. Eninyumba ambiri akamva za mashelefu amakumbukira makoma amene anawapeza atagumuka ndi misomali ya konkire yokhomedwa ndi hamala. Akawerenga kuti mabowo ndi 12 ndipo ndi obowola ndi makina, amadziwa kukula kwa chimene akuvomera. Nambalayo imatetezanso wochita lendi, chifukwa zipsera zina zonse zimene zili pakhoma sizikhala zake. N'chifukwa chake tinajambulanso zipsera zakale zonse tsiku lomwelo.

Za kusiya mashelefu tinazilemba momveka chifukwa chinthu chokhomeredwa kukhoma chimatha kuonedwa ngati gawo la nyumba, ndipo ndaona anthu akukangana pakhomo, galimoto yosamutsa itaima, wina akuti matabwa ndi ake, wina akuti khoma ndi lake. Matabwa atatu a paini si chuma choti munthu n'kutayirapo dipoziti.

Kalatayo sitinaitumize mwadzidzidzi. Ndinauza mayiwo kuti ayambe aimba foni, apereke moni, anene kuti pali kalata ikubwera ndi chifukwa chake. Kwa anthu achikulire ambiri, kalata yosainidwa yofika popanda mawu apakamwa imaoneka ngati chiyambi cha mlandu. Mnyamata woyang'anira uja tinamuuzanso, kuti asamve ngati tamudumpha. Kenako chithunzi cha kalata ndi zithunzi za khoma zinapita pa WhatsApp, ndipo makope awiri a pepala anasungidwa kudikira eninyumba.

Yankho ndi ntchito

Sabata inatha kuli zii. Sabata yachiwiri bambowo anaimba. Za penti anavomera, koma anati ikhale yoyera, chifukwa mafulati enawo akufuna adzawapente yoyera ndipo sakufuna kusunga mitundu iwiri. Za mashelefu anakana. Za paipi anati mnyamata uja sanawauzepo kalikonse, ndipo anamveka okhumudwa.

Apa ndi pamene kulekanitsa mapempho kunathandiza. Mayiwo anafuna kukankhira za mashelefu pa foni pomwepo, koma anakumbukira zimene tinakambirana, anathokoza chifukwa cha penti n'kufunsa mwaulemu chimene chikuwadetsa nkhawa pa mashelefu. Bambowo anafotokoza kuti m'fulati yam'mwamba munthu wina anabowolapo paipi, madzi anatsikira m'siling'i, ndipo bilu ya madzi inakwera asanadziwe kumene akutayikira. Sanali atawerenga bwino mzere wonena kuti khoma la bafa silikhudzidwa. Anati akabwera kumapeto kwa mwezi adzaone okha.

Anabweradi. Ndinalipo, ndipo penta anajambula ndi pensulo pakhoma timitanda 12 pamene padzabowoledwe. Bambowo anagogoda khomalo, anaona mpata umene tinasiya pa soketi, anatuluka kukaona kuseri ngati kuli paipi iliyonse. Anavomera, koma anaonjezera ndi cholembera zinthu ziwiri m'munsi mwa kalata: kuti penti ikhale yoyera, ndi kuti mashelefu adzatsale m'nyumbamo. Onse awiri anasaina pambali pa mawu oonjezerawo pa makope onse awiri. Ndinaumirira pa zimenezi, chifukwa mawu olembedwa pamanja pa kope limodzi lokha amadzakanidwa.

Mayiwo anali ndi nkhawa ina imene anaitchula pamaso pawo: kuti nyumba ikakongola, lendi ikwera. Izi zimachitika, ndipo si nkhawa yopanda pake. Bambowo anakana kulonjeza za zaka zam'tsogolo, koma analola kulemba kuti lendi sisintha mpaka mgwirizano wa chaka chimenecho utatha. Mgwirizano unkanena kale zimenezi, komabe kuzilemba pa kalata ya penti kunatseka mpata wonena kuti nyumba yasintha ndiye mtengo usinthe.

Paipi inakonzedwa sabata yomweyo ndi ndalama za eninyumba, ndipo pulasitala wamphako uja anagumulidwa n'kuikidwa wina. Pabalaza ndi makoma atatu a kuchipinda anapentedwa kumayambiriro kwa Meyi. Khoma lonyowa lija tinalisiya. Penta ankafuna amalize zonse kamodzi kuti alandire ndalama yake yonse, ndipo mayiwo ankatopa kugona m'chipinda cha khoma limodzi lasimenti. Koma njerwa yomwa madzi dzinja lonse siuma m'masiku ochepa, makamaka m'nyengo yozizira ya kuno, ndipo pulasitala watsopano naye amafuna masabata angapo. Tinabwereza kumata pulasitiki mu Juni ndipo inagwirabe madontho. Kumapeto kwa Ogasiti inatuluka youma, ndipo khomalo linatsukidwa, kuikidwa andakoti ya pulasitala watsopano, n'kupentedwa. Penta analandira gawo lotsala la malipiro ake tsiku limenelo.

Pa mashelefu panali chinthu chimodzi chosamala. Matabwa a paini ochokera ku Chikangawa amapezeka mosavuta kuno, koma ena amagulitsidwa asanaume, ndipo thabwa laliwisi likakhomedwa limapindika n'kukoka mabulaketi. Kalipentala anasankha ouma, opepuka m'manja, ochindikala mamilimita 25. Anabowola masentimita 5 kulowa m'khoma kuti timapulagi ta pulasitiki tigwire njerwa osati pulasitala yekha. Bowo limodzi linagwera pamzere wa matope a pakati pa njerwa ndipo kapulagi kanazungulira, ndiye analitseka ndi fila n'kubowola lina pang'ono m'mwamba. Mabowo anakhala 13. Mayiwo anatumiza uthenga kwa eninyumba tsiku lomwelo pamodzi ndi chithunzi, ndipo anayankha kuti palibe vuto. Uthengawo anausunga pamodzi ndi malisiti a penti.

Patapita chaka ndi miyezi ingapo, mayiwo anasamutsidwanso. Pa nthawiyo bambo aja anali kudwala, ndipo amene anabwera kudzalandira makiyi anali mwana wawo wamkazi, amene sankadziwa chilichonse cha nkhaniyi. Mnyamata woyang'anira uja anali atachoka. Mwanayo ataona mashelefu ndi makoma oyera, anatulutsa mgwirizano n'kuloza mzere wa kusiya nyumba monga anaipezera, ndipo anati dipoziti igwidwa kuti atsekere mabowo. Mayiwo anatulutsa kope lawo. Mwanayo anazindikira siginecha ya bambo ake ndi mawu awo a pamanja akuti mashelefu adzatsale, anawerenga mabowo pakhoma, anaona uthenga wa bowo la 13, n'kupita kuchipinda kukagwira khoma lija, limene linali litadutsa dzinja lathunthu louma. Pa dipoziti anachotsapo mtengo wa galasi limodzi la windo la ku khitchini limene linasweka mayiwo akukhalamo, zimene iwo sanatsutse, ndipo yotsalayo anaitumiza pa foni tsiku lotsatira.